Mpunga wa Amayi Unabwerera

Chaka chimene ndinamaliza dipuloma ya zaulimi, ndinakhala pakhomo ku Lifuwu mpaka anthu anasiya kundifunsa kuti ntchito ndiyamba liti. Mapepala anga ankangogona m'sutikesi, ine ndili m'sikimu ndi amayi, kuthamangitsa mbalame mumpunga. Azakhali anga a ku Lilongwe anali atanena kale kuti tikangokolola ndipite ndizikawagulitsira kaunjika. Ine kaunjika! Sindinkafuna m'pang'ono pomwe, komanso kusiya amayi okha kunkandiwawa. Koma chikwama chinali chitalongedzwa kale, chili pakona kudikira tsiku.

Aphunzitsi ena amene ankachita lendi kuseri kwathu ndiwo anandilumikiza ndi mnzawo wa kusukulu, mayi wina mlangizi wamkulu pa bungwe logula mpunga kwa alimi. Mayiwo anabwera ku msonkhano pa loji ina ku Senga Bay, ndipo anavomera kucheza nane pa nthawi yopuma. Aphunzitsi anandichenjeza kuti kumeneko si ku intavyu, ndikangofunsa za mmene ntchito yawo imayendera basi.

Tinakhala pansi pa mtengo, iwo akumwa tiyi, ine ndikumwa Fanta. Anandiuza zambiri: kuti ntchito zawo amazilengeza ndipo aliyense amalembera, kuti ambiri amayamba ndi ganyu wa nyengo yokolola, kuti mlangizi wosadziwa njinga yamoto amavutika m'midzi. Anandifunsanso mmene timadziwira kuti mpunga wauma bwino, ndipo nditati timauluma ndi mano, anaseka n'kunena kuti iwo ali ndi kamakina koyezera chinyezi koma nawonso amaluma. Potsazikana anandipatsa nambala yawo.

M'mawa mwake nkhondo inabuka pakhomo. Ine ndimati ndilembe uthenga wa pafoni wothokoza, ndifunsenso ngati pali mwayi wa ntchito. Amayi anaika lichero pansi.

"Iwe, zikomo wa pafoni ndi zikomo? Munthu wakupatsa nthawi yake, iwe umuthokoze ndi chala?"

"Amayi, masiku ano zimatero."

"Masiku ano! Ndiye pomwepo upemphenso ntchito? Wathokoza liti, wapempha liti? Ulemu unausiya ku koleji?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo womva m'mimba pano ndine. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango pomwe netiweki imagwira, n'kuyamba kulemba ndi kufufuta. Uthenga woyamba unali wautali ngati ulaliki. Wachiwiri unali wolira kwambiri, za umphawi zokhazokha, moti ndinachita nawo manyazi ndekha. Umene ndinatumiza unali wotere:

"Mwadzuka bwanji mayi? Ndine mtsikana wa ku Lifuwu uja munacheza naye dzulo ku Senga Bay. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu. Malangizo a njinga yamoto aja ndawagwira, ndiyamba kuphunzira. Ndimati ndifunse ngati ku bungwe kwanu kuli malo, ngakhale a nyengo yokolola, amene mukuona kuti angandiyenere. Ngati alipo, ndingakonde kudziwa njira yolembera. Mapepala anga ndi okonzeka."

Nditabwerera kunyumba ndinapeza amayi akumwetulira okha, kumwetulira kwa munthu amene wachita kanthu. Ndinawafunsa chimene chakoma.

"Zikomo weniweni wapita," anatero. "Kathumba ka mpunga wa Kilombero, wosankha ndekha. Wakabaza wanyamula, akasiya ku loji konko."

Mayo ine! Taganizani: foni ikulira, mtsikana akufunsa ntchito, ndipo nthawi yomweyo pageti pafika thumba la mpunga lochokera kwa mtsikana yemweyo, anzawo a kuntchito akuona. Kodi chimenecho dzina lake n'chiyani ngati si chiphuphu? Ndinakalipa tsiku limenelo. Ndinati andiphera mwayi, ndinati angondiperekeza kudepoti ndizipita kukaunjika. Amayi anangoti, "Kupatsa n'kuika, mwana iwe," n'kupitiriza kupeta.

Tsiku lonse foni inali zii. Uthenga unkaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho ayi. Nkhuku ikalira, ine kuthamangira foni.

Mawa lake masana, galimoto ya bungwe inaima panjira. Anatsika mayi aja, atamanga chitenje pamwamba pa buluku, kathumba kaja kali m'manja. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amayi anayala mkeka, nkhope itauma gwa, pakuti kwathu kubweza mphatso n'kutukwana.

Alendowo anakhala pansi, analonjerana ndi amayi mwaulemu wonse, kenako anafotokoza.

"Amayi, mpunga wanu ndaununkhiza, mtima unafuna. Koma mwana wanuyu wandifunsa za ntchito, ndipo wafunsa bwino. Malo a nyengo yokolola alengezedwa posachedwa. Ndikalandira thumbali, akadzapambana anthu adzati anagula ndi mpunga, ndipo ine ndi iye tonse tidzayenda chowerama. Ndabwera ndekha kuti musamve ngati ndakunyozani."

Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti chilengezo chikatuluka anditumizira, ndilembere ngati wina aliyense, ndipo iwo sadzakhala nawo pagulu lofunsa mafunso popeza tsopano tadziwana. Anatinso ambiri amene amacheza nawo amangosowa osathokoza, ena amathokoza koma osanena chimene akufuna, ndiye iwo sangalote.

Ndinayang'ana amayi ndi diso lakuti mwamva? Iwo sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa alendowo n'kufunsa:

"Lamulo la kuntchito kwanulo limaletsa kunyamula. Nanga mlendo akafika pakhomo, limaletsanso kudya?"

Mayi aja anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati ayi, limenelo sanalionepo.

Basitu, amayi anamasula kathumba komweko, n'kuphika mpunga womwewo, ndi usipa wotendera umene tinali nawo. Fungo linafika mpaka kuseri kwa aphunzitsi, iwonso anabwera ngati akudzabwereka machesi. Dalaivala wa alendowo anadya mbale ziwiri. Alendo akutsuka m'manja, amayi ananena mawu amene anandikhudza mpaka lero.

"Ine kulemba sindidziwa, mayi. Zikomo wanga ndi ameneyu, wa m'munda. Mwanayu ndinamuphunzitsa ndi mpunga womwewu."

Ine amene ndinali nditakalipa dzulo lake, ndinapezeka ndikupukuta m'maso ndi chitenje, n'kunamizira utsi.

Chilengezo chinatuluka, ndinalembera, anandiitana ku intavyu ku boma la Salima. Mayi aja kunalibe, monga ananenera. Ondifunsa anali abambo awiri osaseka, ndipo ndinatuluka thukuta lili kamukamu. Patapita masiku anandiimbira kuti ndatengedwa, ndizikayeza chinyezi ndi kuona ubwino wa mpunga pamalo ogulira, pafupi ndi kwathu komwe. Unali ganyu wa nyengo imodzi, koma kwa ine unali ngati andipatsa ofesi yonse.

Mpaka lero ine ndi amayi timakangana. Ine ndimati ntchito inabwera ndi uthenga wanga, iwo amati mpunga wawo, ndipo palibe amene wagonja. Koma tsiku limene foni ya ntchito ija inabwera, ndinalowa m'nyumba n'kuwapeza atagwada pakona, akutulutsa zovala zanga m'chikwama cha ku Lilongwe chija chimodzichimodzi, akuimba chapansipansi. Atandiona anati, "Ukuyang'ana chiyani? Kawaimbire azakhali ako, uwauze apeze wina."