Mayankho olakwa a bambo Pitala

Bambo Efulemu Pitala anali mphunzitsi wokonda mayankho olakwa kuposa olondola. Ndinawadziwa m'zaka za m'ma 1970 pa kasukulu kena ka zamalonda pa Mitundu, pomwe iwo ankaphunzitsa maakaunti kwa ana a chaka choyamba, ine ndili wotayipa mu ofesi. Kwawo kunali ku Nathenje, ndipo ankabwera pa njinga Lolemba, kubwerera Lachisanu, jekete atalipinda pakaliyala kuopa fumbi.

Mayeso awo anali osankha: funso limodzi, mayankho anayi, A mpaka D, lolondola limodzi lokha. Aphunzitsi ena ankangolemba yankho lolondola, atatu enawo n'kutola manambala alionse. A Pitala zimenezo ankati n'kunyoza mwana. Yankho lolakwa lililonse linkayenera kukhala pomwe mwana angafikedi akasochera.

Funso lawo lina ndimalikumbukira, chifukwa ndinalitayipa chaka ndi chaka. Mapepala anali a Chingerezi, koma nkhani yake inali iyi: wagolosale wayamba wopanda kanthu m'mashelefu, wapikula katundu wa K400, wagulitsa n'kupeza K500, ndipo watsala ndi katundu wa K50. Phindu lake ndi zingati? Lolondola ndi K150. Koma pambali pake ankaikapo K100, ya mwana woiwala katundu wotsala, K50, ya mwana amene wotsalayo wamuphatikiza m'malo momuchotsera, ndi K500, ya uja amayesa kuti ndalama iliyonse yolowa m'kabati ndi phindu. Mayeso akatha ankagawa pepala lina lofotokoza, mizere iwiri pa yankho lililonse, kuti amene wagwa aone chimene chamugwetsa.

Zolakwazo sankazipeka. Ankazitola m'makope a ana ngati munthu wokunkha mtedza. Akapeza cholakwa chatsopano ankabwera mu ofesi nkhope ili ngwee, ine n'kudziwiratu kuti lero sindiweruka msanga. Ankandisinthitsa sitensulo yosindikizira mayeso chifukwa cha nambala imodzi, ndipo kangapo konse ndinalakalaka kuwagenda ndi botolo la inki. Koma lamulo lawo linali limodzi: mwini cholakwa satchulidwa. Ankati mwana ukamuchititsa manyazi amabisa zolakwa zake, ndiye iwe uphunzitsa chiyani?

Chaka china anawapatsa ana ntchito yoti alembe mmene ndalama zimalowera ndi kutulukira pa geni iliyonse ya kwawo. Mwa zimene anabweretsa anapezamo chimene chinawasangalatsa, ndipo anachisandutsa funso. Mwini golosale watapa ndalama m'kabati kukagula makhadi a chipani, yake, ya mkazi wake ndi a ana. Ndalamayo ilembedwe kuti chiyani? A, yoyendetsera bizinesi. B, yomwe mwini watenga pa zosowa zake. C, yopikulira katundu. D, yomwe bizinesi yaluza.

Nditawerenga ndinasiya kutayipa. Masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika wa Mitundu, ndipo ayufi a chipani ankaima pachipata.

"Aphunzitsi, ili ndiye ayi," ndinatero. "Bwanji osangoti wagula nsapato?"

"Nsapato sizisocheretsa mwana, mayi. Aliyense adziwa kuti n'za mwini. Khadi ndiye imawazunguza, poti amaona ngati popanda iyo golosale sitsegulidwa."

"Nanga D-yu? Mukuti kugula khadi n'kuluza?"

"Iyayi, ndikuti si kuluza. Si ndiye yankho lolakwalo? Mwana wina analemba choncho, ndipo alipo ena oganiza chimodzimodzi. Lolondola ndi B. Khadi ndi ya munthu, si ya sitolo. Ichepetsa mpamba wa mwini, phindu siikhudza. Zonse ndalemba pa pepala lofotokoza."

Anali munthu wanzeru, koma wopusa pa chinthu chimodzi: ankayesa kuti dziko lonse limawerenga mpaka kumapeto.

Ana analemba mayeso Lachitatu. Pepala lofotokoza linali loti ligawidwe Lachisanu. Lachinayi m'mawa kunabwera galimoto ya apolisi, pamodzi ndi wapampando wa chipani wa deralo, atagwira pepala la mafunso lomwe wina anakamupatsa. Chala chake chinali pa D.

Apolisiwo anawafunsira a Pitala mu ofesi mwanga momwemo, ine nditadzipanikiza pakona. A Pitala anafotokoza mofatsa ngati ali m'kalasi, anaonetsa ndi sitensulo ya mafotokozedwe. Wapampandoyo anangoti mawu alembedwa, alembedwa basi. Koma wapolisi wamkulu anali womvetsa pang'ono.

"Mwati mawuwa si anu, munawatenga kwa mwana wasukulu?"

"Eya, bwana."

"Ndiye tipatseni dzina lake. Inu mubwerere m'kalasi, tikacheze ndi iyeyo ndi makolo ake, timve kumene anaziphunzira."

Tonse tinadziwa tanthauzo la kucheza kumeneko. Ntchito ya ana ija a Pitala anali ataibweza kale kwa eni ake, ndipo dzinalo linali m'mutu mwawo mokha. Anayang'ana pawindo, kumene ana anali ataunjikana, kenaka anati, "Ndaiwala, bwana." Munthu amene ankakumbukira cholakwa cha mwana wa zaka zisanu zapitazo! Ine mumtima ndinkakuwa kuti tchulani, muli ndi ana anuanu ku Nathenje. Sanatchule. Apolisi powatenga, anapempha kuti njinga yawo wina akaisiye kwa mayi Dorica, akazi awo.

Madzulo ake mkulu wa sukulu anatentha mapepala onse kuseri kwa ofesi, ndi sitensulo yomwe. Sindimuweruza, nayenso anali ndi khosi limodzi. Mphunzitsi amene anabwera m'malo mwawo ankalemba mayankho olakwa oti ngakhale mbuzi ikhoza kuwazindikira, ndipo ana ankakhoza bwino kwambiri.

A Pitala anakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera kukhoti. Mayi Dorica anagulitsa njinga, kenaka ng'ombe, ndipo mwana wawo wamkulu analekeza sukulu. Atatuluka ndinapita ku Nathenje kukawaona. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, miyendo itatupa, mano akutsogolo palibe. Ndinalira, osatha n'kupereka moni komwe.

Za kundende sananenepo kanthu. Atandifunsa za kunyumba, anasendera pafupi.

"Kodi pepala lofotokoza lija ana analandira?"

Ndinawauza zoona, kuti linapsa. Misozi inatsikira m'ndevu.

"Ndiye kuti mwana uja mpaka lero sadziwa pomwe analakwitsa," anatero.

Zinandipsetsa mtima, ndipo zimandipsetsabe. Ndinafuna kuwafunsa ngati mwanayo analakwitsadi, poona chimene khadi ija inachita pakhomo pawo. Koma iwo anandiyang'ana ndi maso aja a m'kalasi.

"Nanga inu mayi, munalitayipa nokha funsolo. Mukanasankha liti?"

Mayi Dorica anali ataima pakhomo, atavala chitenje chong'ambika, akundiyang'ana. Ndinayankha kuti B. A Pitala anagwedeza mutu mokhutira, nati, "Mwakhoza."

Anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho. Pamaliro panabwera ophunzira awo akale ambiri, ena ovala mataye, ena obereka ana. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi kufuna kuona amene akulira mopitirira, koma onse ankalira mofanana. N'kutheka kuti mwini wake wa D anali pomwepo, ndipo n'kuthekanso kuti iye mwini sadziwa kuti yankho lija linali lake.