Mbuzi Yofera pa Kabaza

Zaka zonse zomwe ndinagwira ku nyuzipepala, ntchito yanga inali yochotsa ziganizo zomwe zikanatitengera kukhoti. Mtolankhani akabweretsa nkhani yoti uje waba, ndinkamufunsa kuti waziona yekha kapena wangomva, komanso ngati wamuuzayo angakaime pamaso pa woweruza. Ambiri ankabwerera ali ndwii. Nditapuma ntchito ndinkaganiza kuti mafunso amenewa ndawasiya mu ofesi, koma anadzanditsatira ku Nsungwi kudzera mwa alamu anga, mng'ono wawo wa akazi anga, omwe ankachita lendi chipinda kuseri kwa nyumba yathu.

Pafupi ndi msika panali bambo wina wa ku Mangochi, Msilamu, yemwe ankagulitsa nyama ya mbuzi pakabutchala kake. Ankazinga yekha mbuzizo monga chipembedzo chake chimafunira, ndipo pachifukwa chimenechi Lachisanu anthu akatuluka mumzikiti ankaima pamzere pakhomo pake. Ifenso tinkagula pomwepo chifukwa sikelo yake inali yosabera.

M'mawa wina mwezi wa Okutobala, alamu akuchokera kukiyosiki ya madzi, anaona wakabaza akutsitsa mbuzi ziwiri kuseri kwa butchalayo. Imodzi inkalira, inayo inali zii, lilime panja. Anakauza amayi anzawo pampopi, kenako masana anatenga foni n'kujambula mawu, n'kutumiza pagulupu ya m'dera lathu yomwe timauziranapo za maliro ndi za kuzima kwa magetsi. Anati bambo wa pabutchala amatigulitsa nyama yofa yokha, iwo aona ndi maso awo.

Ine ndinamva uthengawo patapita masiku awiri, utabwera kuchokera kwa mnzanga wa ku Biwi yemwe sankadziwa n'komwe kuti mawuwo ndi a alamu anga. Lachisanu lotsatira ndinadutsa pabutchala paja nthawi yotuluka mumzikiti. Panalibe mzere. Miyendo ya mbuzi inali lende pangowe, mwiniwake akuingitsa ntchentche ndi kansalu.

Kalata ya loya wa bamboyo inabwera sabata yachitatu. Inali yaifupi. Inkati alamu abweze mawu awo ndi kupepesa pagulupu yomweyo pasanathe masiku asanu ndi awiri, apo ayi nkhani ipita kukhoti. Alamu anandibweretsera kalatayo ndikutsuka nsapato pakhonde.

"Alamu, inu mumazidziwa izi. Auzeni kuti ine sindinalembe kalikonse. Ndinangoyankhula."

Anali atamva kwinakwake, mwina kwa ine ndemwe, kuti lamulo limasiyanitsa kuipitsa mbiri ya munthu polemba ndi kuipitsa mbiri pakamwa. N'zoona, maloya amatchula koyambako kuti libel, kwachiwiriko slander. Zolembedwa zimakhalitsa, choncho wodandaula safunika kuonetsa chomwe wataya. Khoti limatenga kuti waonongeredwa. Zapakamwa zimapita ndi mphepo, ndiye kawirikawiri wodandaula ayenera kuonetsa chenicheni chomwe wataya chifukwa cha mawuwo. Alamu anagwira pomwepo n'kuganiza kuti apulumuka.

Ndinawauza kuti mawu ojambulidwa sapita ndi mphepo. Ali m'mafoni ku Biwi, ku Kawale ndi kwina komwe sitikudziwa, ndipo loya aliyense angauze khoti kuti amenewa ali ngati olembedwa. Ndinawauzanso kuti ngakhale a pampopi aja sangawateteze, chifukwa mawu onyoza munthu pantchito yake kapena malonda ake ali m'gulu la mawu apakamwa omwe safuna umboni wa zotayika. Ndipo umboniwo bamboyo anali nawo kale, unali lende pangowe.

"Koma n'zoona! Kodi zoona n'zoletsedwa masiku ano?"

"Zoona siziletsedwa. Mukaonetsa kuti zomwe munanena n'zoona, mlandu watha. Koma oonetsa ndinu, osati iwo. Munanena kuti chiyani?"

"Kuti mbuzi inali yakufa."

"Ayi alamu, munati amatigulitsa nyama yofa yokha. Munaona akuisenda? Munaona akuipima pasikelo?"

"Ndiye akanaitani? Mbuzi yonseyo angataye? Inunso alamu, mukuyankhula ngati amakupatsani chiwindi chaulere."

Akazi anga anaseka ali kukhitchini, koma anasiya msanga.

Ndinachita zomwe ndinkatuma atolankhani. Ndinayenda pasiteji ya makabaza masiku awiri mpaka ndinamupeza yemwe ananyamula mbuzi zija, bambo wachikulire wa ku Dowa. Sanabise kanthu. Anati mbuziyo inafera panjira chifukwa cha kutentha ndi kumangidwa kwambiri, ndipo mwini butchala ataiona anakana ngakhale kuigwira. Anabwereka khasu, awiriwo n'kukaikwirira kudambo, atathira palafini kuti agalu ndi anthu asafukule. "Ine ndinapempha mwendo umodzi wokha, anandikaniza," anatero, akuoneka kuti mpaka lero zimamuwawa. Ananditengera pamalopo. Dothi linali lotumphuka, fungo la palafini likumvekabe.

Ndinabwerera kunyumba. Mboni yokhayo yomwe alamu akanaitana inali mboni ya mbali inayo. Theka la nkhani yawo linali loona, koma theka lomwe linathamangitsa makasitomala linali bodza, ndipo khoti limayang'ana pomwe pali ululu wa mawuwo. Ndinawauza zimenezi atakhala pampando wa pakhonde. Anangofunsa ngati kukhoti amalanda katundu wa m'nyumba.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi chibwerere kalata ija tinapita kubutchala atatu, ine, akazi anga ndi alamu. Bamboyo anatipatsa benchi, iye n'kukhala pachidebe. Anali ataonda.

"Aneba," anatero kwa ine, "loya ndinamufuna chifukwa mwana wanga anafunsidwa kumadrasa ngati kwathu timadya zofa zokha. Khoti sindikulifuna. Mayiwa ayankhule momwe anayankhulira muja, pafoni pomwepo."

Ndinali nditalemba kale mawu opepesa, ziganizo zinayi, monga tinkachitira ku nyuzipepala: zomwe ananena, kuti sizinali zoona, zomwe zinachitikadi, ndi pepani. Alamu anawerenga katatu foni ili pakamwa, chifukwa kawiri koyamba ankaonjezera kuti "ngati ndinalakwitsa", ndipo ine ndinkawauza kuti afufute. Kachitatu anatumiza.

"Chinanso, mayi," anatero bamboyo. "Lachisanu mubwere mudzagule, nthawi yomwe anthu akutuluka. Hafu kilo yokha. Muime pomwe akuonani."

Alamu anayang'ana pansi n'kuvomera.

Uthenga wopepesa sunayende. Ndinafunsa mnzanga wa ku Biwi uja patapita sabata, anati sanaulandire. Ndinamutumizira ndekha, ndipo sindikukhulupirira kuti anaupititsa kwina. Sindinadabwe. Ku nyuzipepala nkhani inkakhala patsamba loyamba, kupepesa kwake n'kukhala pakona ya tsamba lamkati, ndipo ine ndemwe ndinkakuikako.

Lachisanulo ndinakaima tsidya lina la msewu. Alamu anafika atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kuima pakauntala nthawi yaitali kuposa yofunika, akusankha nthiti. Anthu ochokera kumzikiti ankadutsa akuwayang'ana. Anayi okha anaima pamzere kumbuyo kwawo. Kale ndinkawerenga mpaka makumi awiri.

Mlandu sunapite kukhoti. Bamboyo akadalipo, koma masiku ano amazinga mbuzi imodzi patsiku m'malo mwa ziwiri. Alamu amagulabe Lachisanu lililonse, ndipo akamapima nyama yawo sayankhulana zambiri.