Corinne ndi Zikombole za a Halasz

Ndinagwira ntchito ndi Corinne Laframboise zaka khumi ndi chimodzi pafakitale ina yopanga zipangizo za galimoto kuno ku Windsor. Makina athu anali oyandikana. Ntchito yake inali kuika chitsulo m'makina, kutseka chitseko, kudina batani, n'kuchotsa chikatha. Makina akavuta tinkayatsa nyali yofiira n'kudikira akatswiri. Corinne anali mayi wamfupi wa ana awiri, wosachuluka zonena, ndipo aliyense ankadziwa kuti akati ayi watha.

Fakitale ija inatsekedwa iye ali ndi zaka 36. Kumalo oyamba kumene anakafunsirako ntchito anamuyalira pepala lojambulapo chipangizo, n'kumufunsa kuti aboola pati ndipo mozama bwanji. Madzulo ake anandiuza kuti pepala lija linkangomuyang'ana, iyenso n'kumaliyang'ana. Anaseka ponena zimenezi, koma ndinaona kuti zamulasa mtima.

Patatha mwezi, mwayi unabwera pawiri sabata imodzi. Kampani ina yaikulu inatiitana tonse awiri: madola 34 pa ola, ovataimu yosasowa, ntchito yomweyo ya batani. Tsono malo ena aang'ono a ku Oldcastle, kumene amasema zikombole zachitsulo zoumbira zipangizo za pulasitiki, anaitana Corinne yekha. Mwini wake, bambo Zoltan Halasz, anati amupatsa madola 21 pa ola koma amuphunzitsa ntchito yonse. Maphunzirowo ndi a maola 8,000, pafupifupi zaka zinayi, kuphatikizapo maulendo atatu akukoleji a masabata asanu ndi atatu, ndipo pamapeto pamakhala mayeso a satifiketi.

Ine ndinasaina tsiku lomwelo kukampani yaikuluyo. Mwamuna wa Corinne, Dario, yemwe amayendetsa lole ya buledi, anamulangiza kuti achite chimodzimodzi, poti ana akukula ndipo nyengo yozizira ili pafupi. Corinne sanatsutse, anangopempha masiku atatu.

Tsiku loyamba anaimbira kampani yaikulu ija kufunsa ngati munthu wa pamakina angadzaphunzire kuwatchera yekha kapena kuwakonza. Anamuyankha mwaulemu kuti zimenezo zili ndi eni ake, ndipo eni akewo amalembedwa ali kale ndi mapepala. Tsiku lachiwiri anapita kwa a Halasz ndi mafunso atatu. Ndi angati amene anaphunzira pano n'kumaliza? Adzandiphunzitse ndani, dzina lake? Nanga pangano la maphunziro mudzalilembetsa liti kuboma? Ankadziwa kuti alipo mabwana amene amatchula maphunziro pofuna antchito otchipa basi.

A Halasz anakanda kumutu n'kunena kuti mwa asanu ndi mmodzi anamaliza anayi. Corinne anapempha manambala a awiri, womaliza ndi wosiyira panjira, ndipo anawaimbira onse. Womalizayo anati ntchito anaidziwadi. Wosiyayo anati mkuluyo si woipa, koma ukakhala chete adzakuiwala ndi tsache m'manja.

Tsiku lachitatu anakhala pansi ndi Dario. Anagwirizana zogulitsa galimoto imodzi, ndipo Dario anavomera kumagwiranso Loweruka, ngakhale nkhope inali yosakondwa.

“Wapenga iwe,” ndinamuuza Corinne atandiimbira. “Ukusiya nyama n'kutola fupa?”

“Nyama ija ndinaidya zaka khumi ndi chimodzi, Gilles. Fakitale itatsekedwa ndinatuluka ndi chiyani m'manja?”

Pangano linalembetsedwa monga anapanganira. Koma chenjezo lija linapherezeka. Miyezi isanu yoyambirira Corinne ankasesa, kupala m'mbali mwa zitsulo kuti zisacheke, ndi kukatula katundu kwa makasitomala. Buku limene mphunzitsi amasainamo luso lililonse limene wophunzira walidziwa linali loyera ngati latsopano. Nthawi yomweyo ine ndinali nditagula galimoto ina, ndipo sindinabise. Kukampani kwathu kutapezeka malo, ndinamuuza kuti ndamunenera kwa kapitawo, angobwera Lolemba. Dario naye anati wayesa mokwanira, palibe angamuseke.

Lolemba lija Corinne anapita kwa a Halasz, buku lili m'manja. Analiika patebulo n'kulitsegula tsamba ndi tsamba kuti aone okha.

“Bwana, kumene ndikanalandira madola 34 akundifunabe. Ndinasiya madola khumi ndi atatu pa ola lililonse kuti mundiphunzitse. Mbali yanga ndikulipira tsiku ndi tsiku. Yanu ili kuti?”

A Halasz anayamba kufotokoza za maoda ochuluka ndi kuchepa kwa anthu. Corinne anadikira mpaka mawu anawathera, kenaka anati sakupempha kukwezedwa malipiro, akungofuna tsiku limene ayambe pamakina. Mkuluyo anayang'ana buku lija kanthawi, n'kutuluka kukaitana a Wendell Pruitt, mmisiri wa zaka makumi anayi pantchitoyo, amene ankadziwika ndi kusafuna ophunzira.

A Pruitt sankayamikira munthu. Anayamba kumuphunzitsa Corinne kuwerenga mapepala aja, kenaka kuyeza mpaka kusiyana kochepa kuposa tsitsi, kenaka makina osemera ndi onolera. Akafunsa funso, iwo ankamubwezera lina. M'chaka chachiwiri Corinne anaboola molakwika njira ya madzi oziziritsa chikombole, pachitsulo chimene anthu anachisema masabata awiri. Anaima pomwepo akuganiza kuti ntchito yamuthera. A Pruitt anasuzumira m'bowo muja n'kufunsa kuti achita bwanji tsopano. Corinne anati sakudziwa.

“Ndiye khala pansi udziwe. Ine ndikukamwa khofi.”

Atabwerako anapeza Corinne atajambula njira yotsekera bowolo ndi kachitsulo n'kuboola lina pambali pake. Anamusinthira muyeso umodzi wokha, n'kumusiya akonze yekha. Zinamutengera masiku awiri, ndipo poyesa ndi madzi sipanadonthe.

Masabata akukoleji ndiwo anali owawa, chifukwa malipiro ankaima, n'kumadalira kangachepe kochokera kuboma. Corinne anali wamkulu m'kalasi monse, ndipo masamu a makona anamuzunza moti ankawerengera patebulo limodzi ndi mwana wake wamkazi wa kusekondale. Malipiro ankakwera pang'ono akamaliza gawo lililonse, koma kwa zaka zinayi zonse sanafikepo pa anga.

Mayeso omaliza amafuna malikisi 70 pa 100. Ulendo woyamba Corinne anapeza 66. Sanauze munthu kupatula Dario ndi a Pruitt, amene anangomufunsa mbali zimene zinamugwetsa n'kumuika pantchito zomwezo miyezi itatu. Ulendo wachiwiri anapeza 78.

Sindinganame kuti ine ndinataya. Nyumba yanga ndinaikonza, ana anga sanasowe kanthu, ndipo lero malipiro athu ndi ofanana ndithu. Kungoti chaka chatha maoda atachepa, ine ndinakhala pakhomo miyezi inayi kudikira foni, pamene Corinne makampani awiri ankamunyengerera kuti achoke kwa a Halasz. Anakana, koma a Halasz atamva anamuwonjezera malipiro asanapemphe.

A Pruitt anapuma ntchito mu Juni, mawondo atawavuta. Benchi yawo yogwirirapo ntchito ya pafupi ndi zenera anapatsidwa Corinne. Ndinamuyendera sabata yatha nthawi ya nkhomaliro, ndipo ndinamupeza atawerama pa chikombole cha nyali ya galimoto, akufufuza chimene chikuchititsa kamzere pa pulasitiki. Anandiuza kuti ndidikire mphindi zisanu. Ndinadikira theka la ola, kenaka ndinadya sangweji yanga ndekha n'kubwerera kuntchito.