Tsiku limene ndinaimbira foni apongozi anga

Ku Chikwa kuno anthu amandidziwa kuti sindikhulupirira munthu. Wogula chimanga akabwera ndi sikelo yake, ndimayamba ndayezapo mwala wanga umene ndimaudziwa kulemera kwake. Wina akandipatsa moni wautali ndimayang'ana manja ake. Ana anga atandigulira foni yogusa ndi chala ija ndinaika lamulo langa: uthenga uliwonse wopempha kanthu, ndimaimbira mwini wake kuti ndimve mawu ake. Ndinachitapo zimenezi ndi abusa omwe, ndipo anakhumudwa.

Munthu mmodzi yekha lamulo limeneli silinkamukhudza, mwamuna wa mwana wanga wotsiriza, apongozi anga. Kwathu kuno apongozi sitiyang'anana kumaso. Tikakumana panjira wina amapatuka, moni timapatsana chapatali titagwada, ndipo nkhani ikakhalapo imadzera mwa munthu wina. Nambala yawo inali mufoni mwanga chifukwa tonse tinali m'gulu la banja pa WhatsApp, koma chikwatirireni mwana wanga tinali tisanalemberanepo ngakhale liwu limodzi.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inachuluka, mitsinje inadula msewu. Mwana wanga anali ndi pakati poyamba, ndipo anamwino anamutumiza msanga ku boma ku Chama kuti akadikire pafupi ndi chipatala, chifukwa miyendo inkatupa. Foni yake inali itagwera m'madzi, ndiye nkhani zonse zinkadzera pa foni ya mwamuna wake. Iwo ankaika mawu m'gulu la banja, ine nkumamvera. Tsiku lililonse wina m'gulumo ankafunsa kuti, “Wachira?” Kenaka apongozi anangoti zii, osayankha aliyense.

M'mawa wina ndikupalira kumunda, chapafupi ndi chulu pamene netiweki imagwira, foni inalira kawiri. Woyamba unali uthenga wamba wa m'Chingerezi, wokhala ndi manambala asanu ndi imodzi. Wachiwiri unali wa pa WhatsApp, nambala ya apongozi, chithunzi chawo chomwe chija atavala jekete la ukwati.

“Amama muli bwanji. Ndalakwitsa, ndatumiza manambala ku foni yanu. Nditumizireni manje manje, akufunika kuno kuchipatala.”

Khasu linandigwa. Munthu amene amapatuka panjira akandiona, lero wandilembera yekha? Ndinati m'mtima mwanga, mpaka mwamuna ameneyu waswa mwambo, ndiye kuti mwana wanga ali pakati pa moyo ndi imfa. Chala changa chinapita pamalo oimbira monga mwa chizolowezi, nkubwerera. Ndiwafunse apongozi kuti ndinu ndani? Chingerezi ndimachitola pang'ono, ndipo ndinaona kuti pansi pa manambala aja pali mawu oletsa kupatsa munthu wina. Koma ndinati apongozi si munthu wina. Ndinalemba manambalawo imodziimodzi, nkutumiza.

Ndinadikira pachulu paja kuti andiuze za mwana. Mmalo mwake WhatsApp inanditulutsa panja. Panabwera mawu akuti nambala yanga manje ikugwira ntchito pa foni ina.

Ndinakhala pansi pamatope. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani, koma foni inalira, kuimba kwenikweni. Anali mwana wanga wamwamuna wa ku Lusaka, akupuma ngati wathamanga.

“Amama, mlongo wanga wataya magazi ochuluka bwanji? Bwanji simunanene dzulo?”

“Magazi ati, iwe? Wamva kwa ndani?”

“Kwa inu! Mwandilembera kuti akomoka, pakufunika ndalama mwamsanga, mwandipatsa nambala yachilendo yotumizirapo. Ndili pano pa kabuthi kotumizira ndalama, ndikufuna kutumiza. Koma ndadabwa, inu simulemba, mumatumiza mawu, ndipo mumayamba ndi kunditukwana.”

“Sindinalembe kanthu ine. Usatumize. Imbira alamu ako.”

“Ndayesa kawiri, sakuyankha.”

Apa ndiye mantha anandilowa m'mafupa. Ngati wolemba uja ndi wakuba, anadziwa bwanji za chipatala? Mwina nkhani ya magazi ndi yoona, wakubayo wangoipeza. Ndinasiya khasu m'munda nkuthamangira kusukulu, chitenje chikumasuka, kwa aphunzitsi ena aakazi ochokera ku Chipata amene amagula mazira kwa ine. Ndinawatulutsa m'kalasi osapepesa nkomwe.

Anawerenga uthenga wa manambala uja nkupukusa mutu. “Ambuya, manambala awa ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Wakubayo analemba nambala yanu pa foni yake, kiyi anabwera kwa inu, inu mwamupatsa. Apongozi anu anawabera chimodzimodzi, ndiye anavala nkhope yawo.”

“Nanga za chipatala anazitenga kuti?”

“Si ali m'gulu lanu la banja? Zakale sangazione, koma zonse zimene mwakhala mukufunsana chiwabereni wakhala akuwerenga.”

Munthu wachilendo anakhala pakati pathu, chete, akumva tikupempherera mwana wanga.

Aphunzitsi analembanso nambala yanga mu WhatsApp, manambala atsopano anabwera, anawalowetsa. “Wakubayo watuluka manje,” anatero. “Koma wasiya loko wake, manambala achinsinsi amene sitikuwadziwa. Mudikira sabata kuti mulowe. Uzani mwana wanu wa ku Lusaka achenjeze onse m'gulu.”

“Sabata! Amayi, ine za WhatsApp zilibe ntchito. Mwana wanga ali moyo?”

“Layini ya apongozi anu ikadali yawo, wakuba sanatenge imeneyo. Aimbireni.”

“Imbani ndinu.”

Anaimba pa foni yawo, palibe anayankha. Ndinamvetsa. Munthu amene wangoberedwa kumene sayankha nambala yachilendo, nanenso sindikanayankha. Aphunzitsi anandibwezera foni yanga nkundiyang'ana.

Ndinapita kuseri kwa kalasi. Ndinapeza kuti ndagwada, pamatope, pamaso pa khoma. Ndinaimba, foni inalira nthawi yaitali. Kenaka ndinamva kupuma kwa munthu, osalankhula. Nayenso anali ataona dzina langa.

“Apongozi,” ndinatero. “Ndine. Mundikhululukire. Mwana wanga ali bwanji?”

“Amama... ali bwino. Ali pompano, akudya mango, akukangana ndi anzake za malo oyanika zovala. Kwagwanji kumudzi?”

“Magazi sanataye?”

“Magazi? Ayi, ngakhale nthawi yake sinakwane. Ndinali kotunga madzi, foni ndinaisiya ikutchaja, ndangoitenga kumene.”

“Mpatseni foni.”

Mwana wanga atati “Amama, mwaimbira apongozi anu? Kugwa chimvula lero!” ndinalira mokweza mpaka ana a sukulu anasuzumira pawindo.

Atabweza foni ndinafunsa mwamuna wake chifukwa chimene sanandichenjeze kuti anawabera. Anati anachenjeza ena, koma ine sakanatha kundiimbira, ndiye anatuma amalume awo kuti adzandiuze mwaulemu. Amalumewo anali kutsidya kwa mtsinje, akulondera njovu m'chimanga chawo, akudikira kuti madzi aphwe. Uthenga wawo unandipeza mwana atabadwa kale.

Anabadwa loko uja asanatseguke, ndiye chithunzi chake sindinachione msanga. Ndinamumva kulira kokha, apongozi atayandikiza foni, ine nditaima pachulu chija mvula ikuwaza. Anaimba okha tsiku limenelo, ndipo asananene chilichonse ndinawafunsa mtundu wa mbuzi imene banja lawo linabweretsa pa ukwati.

“Yakuda ya mwendo woyera, amama. Munati ndi yowonda.”

Panjira timapatukiranabe mpaka lero. Koma foni ikalira kawiri motsatizana mtima wanga umadumphabe, ndipo m'gulu la banja sindinenamonso za matenda a munthu. Ndimayang'ana tizithunzi tija ta abale anga timodzitimodzi, nkumadzifunsa kuti kodi kuseri kwa kalikonse kuli mwini wake.