Tipeksi ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mkulu wanga, anagwira ntchito ya umesenjala zaka zambiri, ndipo chimene anapuma nacho ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya ndi kabotolo ka tipeksi, utoto woyera wofufutira zolembedwa. Basitu, iwo ndi madziwazonse. Ngakhale khadi la kusikelo la mwana wa neba amafuna aliwerenge kaye ndi iwo. Amandinyansa, sindibisa.

Mwana wawo wachisamba, mtsikana, ndi wa magetsi chibadwire. Ma ayironi a mzere wathu wonse amakonza ndi iyeyo. Koleji ina italengeza kosi ya zamagetsi, anadzalembera fomu pathebulo panga. Analemba ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu, dzina ndi tsiku lobadwa monga zilili pa chiphaso. Kenako anachonga m'ndandanda wa kumapeto chimodzichimodzi: fotokope ya satifiketi yodindidwa ndi loya kuti ndi yoona, fotokope ya chiphaso, zithunzi ziwiri zazing'ono, lisiti la kubanki. Masamu ndi fizikisi anakhoza bwino, zimene kosiyo imafuna. Bayoloje yokha ndiye anangopulumukira pa mpanipani.

"Bweretsa ndikapereke ndine," anatero bambo ake. "Maofesi ndimawadziwa."

Mayina atatuluka, lake panalibe. Mwana anakhala masiku osadya. Ine mtima unakana, ndinamugwira dzanja mpaka ku ofesi yolembetsera. Mayi wa pawindo anafufuza m'bokosi la mafomu okanidwa n'kutulutsa yathu.

Mayo ine! Pamzere wosankha kosi panali chigamba choyera, chokhuthala ngati laimu wa pakhoma, pamwamba pake palembedwa unamwino ndi inki yabuluu.

"Malangizo akuti fomu yofufutidwa sitilandira," anatero mayiyo. "Komanso unamwino umafuna bayoloje yokhoza bwino. Akanaisiya mmene inalili, magiredi awa akanafika nawo pa mayeso olowera. Mudzayese chaka chamawa."

 Mtsikanayo anangokanda chigambacho ndi chikhadabo mpaka zilembo zake zinayamba kuonekera pansi.

Titafika kwawo, tinawapeza alamuwo ali pampando wawo, miyendo pa situlo. Ndinawafunsa ngati anawerengako malangizowo.

"Inu alamu, malangizo amalembera anthu osadziwa," anatero. "Mwana wamkazi azikakwera mapolo a magetsi? Anthu aziti bambo ake ndani? Ndinamukonzera tsogolo ine."

Asa! Mkulu wanga anali pomwepo, maso pansi, akupukuta mbale youma kale. Ndinatuluka kukalavula panja, chifukwa mawu amene anali pakamwa panga akanathetsa chibale.

Ndisanafike n'kugeti komwe, ndinamva wailesi yawo yazima. Soketi ya pabalaza inali itayambanso vuto lake.

"Iwe!" anakuwa alamuwo. "Tabwera ndi sikuludiraiva yako ija, nkhani zindipita!"

Ndinasuzumira pazenera ndikuganiza kuti lero lokha akana. Mwana uja anazimitsa meni switchi, n'kugwada pafupi ndi mapazi a bambo ake, n'kuyamba kumasula soketiyo.