Mipando yobwereka ndi kalata ya basale

Mdzukulu wanga wamkazi, amene akundilembera izi chifukwa ine pensulo sindiidziwa, atasankhidwa kupita kusekondale anaphunzira teremu imodzi, kenako anamubweza kaamba ka fizi. Amayi ake anali atamwalira. Ine ndinali nditasiya kuthyola tiyi kuesiteti, msana utakana. Kusukulu anatiuza za basale, thandizo la ana osowa, koma pempho lake silipita kuboma lopanda kalata ya ahedi yochitira umboni.

Ahediwo anali mayi wochokera kumpoto. Anatumiza mawu kuti asanalembe abwera kudzaona pakhomo.

Mlendo wotere angakhale pamkeka wobooka? Ndinathamangira kwa akazi a kapitawo kukabwereka mipando ya khushoni, tebulo ndi wailesi. Kwa anzanga a kumpingo ndinatengako makapu agalasi. Mphika wa kalongonda, nyemba zathu za amphawi, ndinaubisa kuseri. Mwana ankati, "Agogo, mukulakwitsatu," ine nkumuti akhale chete, za alendo sazidziwa.

Ahedi atalowa anayang'ana uku ndi uku, nakhala pakhushoni.

"Agogo, mumakhala bwinotu kuno. Wailesi yoposa yanga!"

"Timayesetsa, madamu," ndinatero, mtima uli mbee.

"Ndiye ndilembe chiyani? Za mwanayu nzosavuta: m'kalasi amakhoza, sajomba, khalidwe labwino. Koma kalatayi imafunanso za pakhomo, ndipo a zachisamaliro cha anthu akhoza kubwera kudzatsimikiza. Ine ndimadinda chidindo pa zimene maso anga aona."

Mwana uja misozi inali italengeza. Apo mpamene ndinazindikira kuti ndamuphikira tsoka ndi ulemu wanga.

"Madamu," ndinatero, "mpando mwakhalirawo si wanga."

"Ooh? Nanga winawo?"

"Nawonso."

"Tebulo?"

"Musandifunse chimodzichimodzi ngati kukhoti. Changa muno ndi mkeka ndi mwanayu basi."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Ndiye anati tibweze katundu yense iwo akuona. Tinanyamuka pamzere kudutsa m'kanjira ka m'tiyi, ine tebulo pamutu, mwana mipando, ahedi atakumbatira wailesi. Othyola tiyi anaimika manja.

"Agogo, mwasamuka? Kapena ukwati wapezeka?"

"Thyolani tiyi inu, sikelo ikukudikirani!"

Titabwerera anakhala pamkeka, nafunsa bwinobwino: amatithandiza ndani, timadya kangati, kamunda nkotani. Pakamwa panga, pozolowera kukometsa nkhani, tsiku limenelo panayankha mowuma. Kunena kuti "sindingathe" pamaso pa mlendo kunandilemera kuposa dengu la tiyi wonyowa, koma ndinanena.

Kalata anakailembera kuofesi. Mwana anandiwerengera m'Chichewa isanapite, ndipo ndinadandaula kuti sanatchulemo zoti ndinali katswiri wothyola. Ahedi anati akatero a boma andibwezera kumunda.

Teremu yotsatira dzina la mwana linatuluka pa basale, nabwerera m'kalasi. Yunifolomu ndinachita kumusitira ndekha, ndi simbi ya akazi a kapitawo.