Ndolo za chikole

Chaka chitatha chisankho cha matipati, mnyamata wina wa sitolo pa Neno boma anandipatsa chikole: ndolo zowala ngati golide ndi wotchi yachitsulo. Ndinali mtsikana wa ku Dambe, wa sitandade eyiti, wosatha kuyang'ana munthu m'maso. Amayi anandiuza kuti chikole savula. Ukavula, ndiye kuti mwamunayo wamukana.

Patatha milungu iwiri makutu anayamba kuyabwa, kenako kutupa ndi kuchucha madzi. Pamkono panatuluka timatuza tozungulira, mulingo wake wa kumsana kwa wotchi. Ndikatuluka thukuta kumunda zinkanyanya. Ndinkangopirira.

Tsiku la msika ndinakapereka moni kusitolo. Amayi ake a mnyamatayo anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala, ogula akuona.

"Kodi mtsikana iwe, zilondazi zayamba liti?"

"Mwezi uno, mayi."

"Eti anthuni, bwerani mudzaone. Zija zimayamba chonchi."

Mlongo wake wa mnyamatayo anaseka. "Achimwene agula mbuzi yodwala kale."

Sanatchule dzina la matendawo. Masiku amenewo tinkaika maliro sabata iliyonse, ndipo aliyense anamva chimene ankatanthauza. Kapu imene ndinamweramo madzi anaiponya kuseri kwa sitolo. Ine ndinagwada n'kuthokoza chifukwa cha madziwo.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala. Adokotala anandivula wotchi, n'kuika kumsana kwake pa chilonda chija. Zinafanana ndendende.

"Si matenda opatsirana awa," anatero. "M'wotchimu ndi m'ndolozi muli chitsulo china chotchedwa nikelo. Golideyu ndi wongopaka, wasupuka. Thukuta limasungunula nikeloyo, ndipo khungu la anthu ena limadana naye. Likayamba kudana naye silisiya. Vulani, zipola. Mukafuna ndolo, pezani zagolide weniweni, zasiliva weniweni, kapena zapulasitiki. Zachitsulo chosachita dzimbiri chija ambiri zimawayanja, koma osati onse."

Anandipatsa mafuta opaka. Ndinavula zonse, ndipo patatha milungu itatu khungu linauma n'kusalala.

Ndinabwerera kusitolo nditakulunga chikolecho m'kansalu, mawu a adokotala nditawaloweza ngati ndakatulo ya kusukulu. Ndinatambasula mkono kuti aone.

Amayi aja sanayang'ane mkono. Anayang'ana makutu.

"Wavula?"

"Adokotala akuti muli nikelo, mayi."

"Nikelo ndi ndani? Mbale wako? Wavula wekha, anthu aona. Ife sitinakuthamangitse."

Mnyamata uja ankayeza shuga pasikelo. Sanadzutse mutu.

Mlongo wake analanda kansaluko, n'kuvala ndolozo pomwepo. Anazivala chaka chonse, ku tchalitchi ndi kumsika, khungu lake osachita kanthu. Adokotala anali atanena kuti si onse amene khungu lawo limadana ndi nikelo, koma pa boma palibe amene anamva mawu amenewo kupatula ine.

Tikakumana ankagwedeza mutu kuti ndolozo zilire.

"Waona? Ine sizindidya. Vuto linali m'magazi mwako."

Ndinkayankha kuti, "Zakukhalani bwino, achemwali."